Mafunso ndi mayankho: chisoni cha imfa ya mayi kapena bambo, n'chifukwa chani chimapita n'kubweranso?

Awa ndi mafunso omwe anthu oferedwa kholo amafunsa mobwerezabwereza, ena patangotha sabata chiikireni maliro, ena patatha zaka. Ngati mutu sukugwira kuti muwerenge zonse, pitani pa funso lomwe likukukhudzani basi, mayankho ake amalozerana.

Ndinamva kuti chisoni chili ndi masitepe asanu ndipo munthu amayenera kudutsa onse. Ndi zoona?

Masitepe amenewa anachokera kwa dokotala wina wa matenda a maganizo, Elisabeth Kübler-Ross, mayi wa ku Switzerland yemwe ankagwira ntchito ku Chicago, ndipo anawalemba m'buku lake la mu 1969. Anati munthu amayamba ndi kukana kuti sizoona, kenako kukwiya, kenako kuchonderera kuti zinthu zisinthe, kenako kukhumudwa kwambiri, pomaliza kuvomereza. Koma chomwe anthu ambiri sadziwa n'choti mayiwa ankacheza ndi odwala omwe anauzidwa kuti sachira, anthu oyembekezera imfa yawoyawo, osati ana omwe aika mayi awo dzulo. Anthu ena ndi omwe anadzatenga mndandandawo n'kuuika pa anamfedwa, ndipo unafala chifukwa ndi wosavuta kuloweza komanso umalonjeza kuti kuli pothera.

Zinthu zisanuzo munthu woferedwa amazimvadi, palibe akutsutsa. Vuto ndi loti sizibwera pa mzere. Mutha kuvomereza m'mawa, masana n'kukwiyira anesi, madzulo n'kutenga foni kuti muwaimbire ngati sanamwalire n'komwe. Ena sakwiya olo pang'ono mpaka kalekale. Ofufuza omwe atsatira anamfedwa kwa miyezi ndi zaka sanapeze kuti aliyense amadutsa njira imodzi, ndipo Kübler-Ross mwini wakeyo pambuyo pake ananena kuti sankatanthauza kuti ndi ndondomeko yoti munthu aziitsata. Nde ngati mwakhala mukudzifunsa kuti "kodi pano ndili sitepe yachingati", siyani, mukungodzilembera mayeso omwe kulibe. Chisoni chimabwera ngati mafunde, osati masitepe.

Nanga mafunde mukunenawa ndi chani kwenikweni?

Ndi pomwe chisoni chimakugwirani mwadzidzidzi, n'kukwera, n'kufika pachimake, kenako n'kutsika chokha, ngati mmene nyanja imachitira nthawi ya mwera, funde likamenya pamakhala kampata musanamenyedwe ndi lina. Ndipo si za mumtima zokha, thupi limamva. Dokotala wina wa ku Boston, Erich Lindemann, analemba zimenezi mu 1944 atathandiza anthu oferedwa, kuphatikizapo abale a omwe anafa pa moto womwe unabuka m'nyumba yachisangalalo mumzindawo mu 1942. Anapeza kuti anthuwo ankamva pakhosi kuthina, mpweya kuchepa, kuusa moyo pafupipafupi, m'mimba ngati mulibe kanthu, manja ndi miyendo kulefuka, ndipo zinkabwera kwa mphindi 20 mpaka ola limodzi n'kusiya, kenako n'kudzayambiranso makamaka wina akatchula womwalirayo kapena akabwera kudzapepesa.

Mfundo ya mphindi 20 mpaka olayo igwireni, chifukwa ukakhala mkati mwake umaona ngati sizitha ndipo upenga. Zimatha. Masiku oyamba mafunde amabwera motsatizana moti simuona mpata, kenako mipata imatalika, tsiku lathunthu, sabata, mwezi. Koma kukula kwa funde limodzi sikuchepa mofanana ndi kutalika kwa mipatayo, ndiye chifukwa chake munthu atha kulira chaka chachitatu ngati maliro achitika dzulo.

N'chifukwa chani zimayenda chonchi, osangoti ndilire kamodzi zithe?

Pali zifukwa ziwiri ndipo zonse ndi zomveka.

Choyamba, mutu wanu uli ndi zinthu ziwiri zotsutsana. Mukudziwa kuti mayi anamwalira, munaona bokosi likutsika, munamva adzukulu akukwirira. Koma kwa zaka 25 kapena 40 ubongo wanu unaphunzira kuti mayi alipo, akasowa ndiye kuti ali kudimba kapena foni yawo yatha moto, abwera. Chizolowezi chimenecho sichifufutika ndi mwambo wa tsiku limodzi, chimasintha pang'onopang'ono nthawi iliyonse pomwe mwawayembekezera koma osawapeza. Mwalandira malipiro n'kuganiza zowatumizira ya feteleza, mwana wadwala n'kufuna kuwafunsa chochita, mwafika kumudzi n'kuyang'ana pakhonde pomwe ankakhala. Paliponse pamenepo ubongo umagundana ndi choonadi, ndipo kugundana kumeneko ndi funde lija. Popeza kholo linali m'malo ambirimbiri a moyo wanu, malo ena mumakawapeza mochedwa, ena tsiku la chinkhoswe chanu, ena tsiku lomwe mwabereka.

Chachiwiri, munthu sangathe kuyang'anizana ndi imfa maola 24. Ofufuza awiri a ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza mu 1999 kuti namfedwa amapita uku ndi uku pakati pa ntchito ziwiri. Ina ndi kulira, kukumbuka, kuwasowa. Ina ndi kukonza moyo womwe watsala, monga ndani alipire fizi ya mng'ono wanu, ndani akhale ndi agogo, munda ulimidwe bwanji. Ndipo pena munthu amapuma kuzonsezo, n'kuonera mpira. Kusinthasintha kumeneku si kulephera, ndi mmene kuchira kumayendera. Chodetsa nkhawa ndi kukakamira mbali imodzi, kulira kokhakokha osatha kuchita kanthu, kapena kukhala bize usiku ndi usana kuti ganizo la malemu lisakupezeni.

Nde ngati munaseka nthabwala usiku wa maliro kumoto kuja, kapena mwapezeka mukuvina pa ukwati patatha mwezi, musadzione ngati mfiti. Munali pa mpata.

Sindinalire pamaliro a bambo, anthu mpaka ankandiyang'ana. Kodi sindinkawakonda?

Kwathu kuno kusalira pamaliro kumabweretsa nkhani, makamaka ukakhala mwana wamkazi, pomwe wamwamuna amauzidwa kuti limba mtima, ndiwe bambo tsopano. Koma taganizirani zomwe munkachita masiku amenewo. Kuthamangira bokosi, kukambirana ndi a galimoto, kuwerengera ufa ndi ndiwo, kulandira chipepeso, kuyankha foni maulendo osawerengeka. Mwana woyamba kapena yemwe ali pa ntchito nthawi zambiri amakhala wapampando wa maliro osati namfedwa, ndipo thupi limachita dzanzi kuti ntchito itheke. Ambiri oterewa amadzalira anthu atabalalika, pena m'bafa, pena pa minibasi pobwerera kutauni.

Ndipo pali ena omwe salira kwambiri olo pambuyo pake. George Bonanno wa ku yunivesite ya Columbia ku New York anatsatira anamfedwa kwa nthawi yaitali n'kupeza kuti gulu lalikulu limamva kuwawa koma limapitiriza kudya, kugona ndi kugwira ntchito, ndipo silidzagwa mtsogolo ngati mmene anthu amaopsezera kuti "ukapanda kulira zidzakuphulikira". Misozi si sikelo ya chikondi.

Ndinali bwinobwino, koma patha miyezi isanu ndi itatu zafika poipa kuposa poyamba. Ndabwerera m'mbuyo?

Funso ili ndi lomwe limabwera kwambiri, nde tiyeni tiyerekeze ndi nkhani ya munthu mmodzi kuti muone mmene zimayendera. Tinene kuti ndi mayi wa zaka 34, amagwira ntchito ku Lilongwe, mayi ake amwalira mu Febuluwale kumudzi ku Dedza.

Sabata yoyamba sakumva kanthu, akuyendetsa maliro. Mu Malichi wabwerera kuntchito, mafunde akubwera katatu kanayi patsiku, makamaka cha m'ma 7 madzulo nthawi yomwe ankaimbirana, tulo takenso n'tovuta, akuiwala zinthu, walemba lipoti lomwelo kawiri. Pofika Meyi ndi Juni zikuoneka ngati zatheka, akulira mwina kamodzi pa sabata, anzake akuti walimba mtima, nayenso akukhulupirira. Mu Julayi wadutsa mumsika n'kuona chitenje chofanana ndi chomwe mayi ake ankakonda, walira mphindi khumi kuseri kwa shopu, wapukuta maso n'kukagula tomato. Kenako Okutobala. Kuyambira sabata yoyamba ma wailesi ndi mashopu ali pa Tsiku la Anakubala la pa 15, anzake aika zithunzi za amayi awo pa sitetasi, iye chaka chilichonse ankagula chitenje ndi shuga n'kukwera basi. Sabata yonseyo sakugona, akukalipira ana, pa 14 walephera kudzuka kupita kuntchito. Pa 17 ali bwinoko. Mu Novembala mvula yoyamba yagwa, fungo la dothi lamukumbutsa kuti palibe womuimbira kufunsa za mbewu, funde linanso.

Mayiyu sanabwerere m'mbuyo. Mu Malichi anali ndi mafunde tsiku lililonse, mu Okutobala wakhala ndi sabata imodzi yoipa pakati pa miyezi yabwinoko, ndipo chomwe chinaiyambitsa chikudziwika. Chinanso, miyezi yoyamba anthu ankamuyendera ndi kumuimbira, pofika mwezi wachisanu ndi chitatu onse anabwerera kuzawo ndipo dzanzi lija linatha, nde kuwawa kukumveka kwambiri chifukwa akukumva yekha komanso ali maso.

Poyesa ngati mukupita chitsogolo musayang'ane kukula kwa funde la lero. Dzifunseni kuti mipata ikutalika kodi, funde likadutsa ndikutha kubwerera kuzochita zanga kodi, ndipo ndikutha kuwakumbuka nthawi zina osasweka mtima. Ngati mayankho ndi ayi kwa miyezi yambiri, onani funso la kuchipatala m'munsimu.

Funde likandipeza pagulu, kuntchito kapena mu minibasi, nditani?

Musalimbane nalo, kulikaniza kumalitalikitsa ndipo mumathera mphamvu pobisa. Ngati n'kotheka tulukani, pitani kuchimbudzi kapena panja, pumani motulutsa mpweya pang'onopang'ono kuposa mmene mukuukokera, imwani madzi, lirani ngati ikubwera. Dziuzeni kuti ili ndi funde ndipo litsika. Ngati mukuyendetsa galimoto imani pambali kaye. Kuntchito uzanipo munthu mmodzi yekha, kuti mukasowa mphindi 15 asakufunseni zambiri.

Masiku odziwika, ngati tsiku lomwe anamwalira, Khirisimasi, Idi kapena pa 15 Okutobala paja, akonzereni. Nthawi zambiri masiku oyandikira ndi omwe amavuta kuposa tsikulo. Sankhiranitu kuti mudzakhala ndi ndani, mudzapita kumanda kapena ayi, mudzatsegula Fesibuku kapena foni idzakhala m'chikwama. Mowa ndi mapilisi ogonetsa ogula mwachisawawa amazimitsa funde la usiku umenewo koma amawononga tulo teniteni, ndipo mawa lake mumadzuka ofooka kuposa dzulo.

Anali okalamba, anthu akuti "apuma, anaona zidzukulu". Bwanji ine wamkulumkulu zikundiwawa chonchi?

Chifukwa simunataye nkhalamba ya zaka 80, munataya munthu yemwe anakudziwani musanadzidziwe nokha, yemwe ankakutchulani dzina la paubwana olo muli ndi imvi. Kholo lachiwiri likapita pamabweranso zina, kumudzi kumasanduka malo opanda wokulandirani, abale omwe ankakumana chifukwa cha mayi amayamba kutalikirana, ndipo mumazindikira kuti kutsogolo kwanu kulibenso wina, akuluakulu tsopano ndinu. Anthu amapepesa kwambiri mwana wamasiye wa zaka 10, wa zaka 50 amangomuuza kuti ndi njira ya tonse. Sanena mwankhanza, koma musalole kuti mawu awo akuyezereni chisoni.

Ine ndi achimwene tayamba kukangana, iwo akuoneka ngati sizikuwakhudza n'komwe.

Mafunde anu ndi awo sabwera tsiku limodzi. Pomwe inu muli pansi iwo ali pa mpata, akukamba za malata a nyumba ndi kumanga chiliza, inu n'kumaona ngati alibe mtima, ndipo pomwe iwo zawagwira, mwina ali okha pa bawa kapena m'galimoto, inu simukuona. Komanso aliyense anali ndi mayi wakewake olo anali munthu mmodzi, chisamba ndi chitsiriza sanaleredwe mofanana. Yemwe anadwazika ali ndi zithunzi za kuchipatala m'mutu, yemwe anali kutali ali ndi mlandu woti sanalipo.

Pa nkhani ya katundu ndi pomwe zimafika poipa, chifukwa mkangano wa mpando kapena makina osokera nthawi zambiri si wa mpandowo. Zomwe zingadikire zidikire miyezi ingapo, musagulitse munda kapena nyumba muli pakati pa funde. Koma ngati achibale ayamba kutenga zinthu mokakamiza kwa mayi otsala kapena ana, imeneyo si nkhani ya chisoni, lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, pitani kwa a DC kapena kupolisi.

Sitinkagwirizana ndi bambo anga. Pena ndimamva kupepukidwa, pena kukwiya, pena kuwasowa. Ndine woipa?

Ayi. Pamaliro amayankhula zabwino zokhazokha, inu mutakhala pamenepo mukukumbuka zikwapu, mowa, kapena fizi yomwe sanalipire ali ndi banja lina. Chisoni cha kholo lotere chimakhala chosokonekera kuposa cha kholo lomwe munkakondana nalo, chifukwa mukulira zinthu ziwiri, munthuyo komanso mwayi woti tsiku lina adzapepese kapena adzanene kuti mwana wanga wachita bwino. Mwayi umenewo unakwiriridwa nawo limodzi. Kupepukidwa kumabweranso kwa omwe anadwazika nthawi yaitali, miyezi yogona pansi pa bedi m'chipatala, kuwatembenuza, kuwasambitsa, ndiye zikatha thupi limapuma ndipo mtima umadziimba mlandu. Kupepukidwa kuti kuvutika kwatha sikufanana ndi kufuna kuti afe. Pezani munthu mmodzi yemwe mungamuuze zoona zake osakudzudzulani kuti womwalira sanenedwa, kapena lembani kalata yoti simutumiza kulikonse, muikemo zonse, zabwino ndi zoipa zomwe.

Ndili ku Joni, sindinakwanitse kupita kumaliro, ndinangoonera pa foni. Mpaka pano sindikukhulupirira.

Mukumbukire zomwe tanena pa funso lachitatu, ubongo umaphunzira pogundana ndi kusowa kwawo. Inu kunjako tsiku lanu silinasinthe, munazolowera kale kusawaona, nde mutu umangoti ali kumudzi. Ambiri funde lalikulu limadzawapeza tsiku lomwe atsika basi kwawo, olo patatha zaka ziwiri, pomwe abale onse anadutsa kale pamenepo ndipo akudabwa kuti bwanji mukulira lero. Dziwiranitu zimenezi ndipo muwauze. Mukadali kunja chitanipo kanthu kooneka, itanani anzanu a kumudzi kapena a kumpingo mupemphere limodzi, funsani yemwe analipo akufotokozereni zonse mwatsatanetsatane kuyambira kudwala mpaka kumanda. Mukapita kwanu kafikeni pamanda ndi wachibale mmodzi wamkulu. Miyambo ngati kumeta, sadaka kapena kuvundukula chiliza imathandiza pachifukwa chomwechi, imapatsa anthu tsiku lina lolira pamodzi pomwe dzanzi latha.

Ndimawalota, pena ndimamva ngati andiitana. Ndikupenga?

Izi zimachitikira anamfedwa ambiri, kumva mawu awo kamphindi, kuona munthu pamsewu n'kuti ndi iwo, kumva fungo la sopo wawo. Kaya kwanu kapena kumpingo kwanu amazimasulira bwanji, kumbali ya umoyo si chizindikiro cha misala ngati zikudutsa msanga ndipo mukudziwa kuti anamwalira. Kale akatswiri ankati kuchira ndi kuwaiwala, koma kuyambira m'ma 1990 ambiri amavomereza kuti kupitiriza kuwayankhula mumtima, kuphika mmene ankaphikira kapena kusunga ma voisi awo pa foni ndi zabwinobwino. Nambala yawo musaifufute chifukwa wina wanena, mudzafufuta nokha kapena ayi. Chokhacho, ma voisi ndi zithunzi zikopereni pena, mafoni amabedwa. Zikakhala kuti mawuwo sakusiya, akukuopsezani kapena akukuuzani kuti muwatsatire, pitani kuchipatala msanga.

Nde ndidziwa bwanji kuti izi zapitirira, ndikufunika thandizo la kuchipatala?

Chizindikiro chachikulu ndi kusowa kwa mipata ija. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika chisoni chokhalitsa pa mndandanda wake wa matenda womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo limanena za munthu yemwe patha miyezi yosachepera 6, kapena kupitirira nthawi yomwe chikhalidwe chake chimayembekezera, koma akadali kulakalaka malemu kapena kuwaganizira mosalekeza mpaka ntchito, banja ndi kucheza zaima. Madokotala a ku America amadikira miyezi 12 kwa akuluakulu. Ndi anthu ochepa omwe amafika pamenepa, ndipo zimachitika kwambiri imfa ikakhala yadzidzidzi kapena yoopsa, ngati ngozi ya pamsewu kapena kudzipha. Sikuti tsiku lokwanitsa miyezi 6 mukalira ndiye kuti mwadwala, mayi wa ku Lilongwe uja sali m'gulu limeneli.

Palinso matenda a kukhumudwa, omwe ena amati dipuleshoni, ndipo amasiyana ndi chisoni. Chisoni chimazungulira pa malemu ndipo chimalola kuti mwana akakuseketsani museke. Dipuleshoni imaphimba zonse tsiku lonse kwa masabata, palibe chokoma, mumadziona ngati wachabechabe osati wongosowa mayi basi.

Zina sizidikira miyezi. Ngati mukuganiza zodzipha kapena mwayamba kukonza njira, ngati mwakhala masiku osadya kapena osagona, ngati mowa wafika poyambira m'mawa, uzani munthu lero lomwe ndipo akuperekezeni. Zipatala za m'maboma zili ndi anesi kapena makiliniko ofisa a matenda a maganizo, mukafika funsani kuti amapezeka tsiku liti, ndipo kuli a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komanso chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti akugonekani, ambiri amangocheza ndi mlangizi n'kubwerera kwawo. Ndipo ngati pachifuwa pakupweteka kwambiri kapena mpweya ukubanika osasiya, makamaka muli ndi BP kapena shuga, musangoti ndi chisoni, kayezetseni mtima tsiku lomwelo, komanso mankhwala anu a masiku onse musawadumphitse chifukwa cha maliro.